Nyimbo, zithunzi ndi maposita otsatsira malonda: njira ziti zili ndi chilolezo, ziti zingakutayitseni tsamba

Tiyerekeze mayi wina wosoka zovala ku Mchesi mu Lilongwe. Tsiku la Amayi, lomwe kwathu kuno limakhala pa 15 Okutobala, layandikira, ndipo akufuna kutulutsa kakanema ka masekondi 30 koonetsa madiresi achitenje amene wasoka. Akufuna kakaonekere pa Facebook, pa TikTok ndi pa WhatsApp, ndipo waikanso padera kandalama kolipira Facebook kuti ikafikitse kwa anthu ambiri. M'kakanemako mulowa zinthu zitatu zimene mwina si zake: nyimbo yomveka pansipansi, zithunzi za anthu atavala madiresiwo, ndi posita ya kumapeto yokhala ndi dzina la shopu. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mwini wake, ndipo njira zopezera chilolezo zimasiyana pa mtengo, pa malo amene chilolezocho chimagwira ntchito, ndi pa nthawi imene chimatha.

Lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso m'Malawi ndi la chaka cha 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe loyang'anira nkhanizi ndi COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992. Umwini umayamba pomwe munthu wapeka nyimbo kapena wajambula chithunzi. Safunika kulemba chizindikiro cha © kuti chinthucho chikhale chake. Popeza Malawi ali mu pangano la mayiko la Berne, nyimbo ya woyimba wa ku Nigeria kapena chithunzi cha wojambula wa ku Ghana n'chotetezedwa kuno chimodzimodzi ndi cha munthu wa ku Ndirande. Choncho funso loti “kodi chinthuchi chikupezeka mwaulere?” silithandiza kwenikweni. Funso lothandiza ndi ili: wandilola ndani, wandilola kuchiika pati, mpaka liti, ndipo umboni wake ndili nawo kodi?

Nyimbo ndiye povuta

Nyimbo iliyonse imene mumamva pa wailesi ili ndi umwini uwiri. Woyamba ndi wa nyimbo yeniyeniyo, kutanthauza mawu ndi kayimbidwe kake, ndipo uli m'manja mwa wopeka. Wachiwiri ndi wa chojambulidwa chija chimene chinatuluka mu situdiyo, ndipo ungakhale wa woyimba, wa pulodyusa, kapena wa kampani imene inalipira ntchitoyo. Kuika nyimbo pansi pa kanema wotsatsa malonda kumafuna chilolezo cha mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake kupempha mwana wa mchemwali wanu kuti ayimbenso nyimbo yotchuka ndi gitala sikuthetsa nkhani: chojambulidwacho chikhala chanu, koma mawu ndi kayimbidwe zikadali za wopeka uja.

Njira yoyamba, imene ambiri amathamangira, ndiyo kutenga nyimbo imene yavuta m'tauni n'kuiika pa kanema. Ubwino wake ndi wosachita kufunsa, anthu amaima n'kuonera. Koma palibe chimene chimakutetezani. Kulemba dzina la woyimba pansi pa kanema ndi ulemu wabwino, koma si chilolezo. Kulemba kuti nyimboyi si yanu, kapena kukopera mawu aja akuti `No copyright infringement intended`, sikusintha kanthu. Mphekesera yoti masekondi 10 kapena 30 ndi ololedwa ilibenso maziko: palibe lamulo loika malire otere pa zotsatsa malonda. Ngakhale mutagula nyimboyo mwachilungamo pa intaneti, mwagula ufulu womvera, osati wogulitsira madiresi.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti nyimbo zotchukazo zimapezeka m'kati mwa TikTok ndi Instagram momwemo, n'kumaoneka ngati zaloledwa kwa aliyense. Makampaniwa anagwirizana ndi eni nyimbo kuti anthu wamba aziziika pa makanema a moyo wawo, monga kuvina pa ukwati kapena kucheza ndi anzawo. Mgwirizanowo sufika pa malonda. Ndiye chifukwa chake mukasintha akaunti kukhala ya bizinesi, nyimbo zambiri zotchuka zimasowa pa mndandanda. Ena akaona zimenezi amabwerera ku akaunti yawamba kuti nyimbo zija zibwerenso. Batani limabwereradi, koma kanemayo akadali wotsatsa malonda, ndipo chilolezo chikadalibe.

Njira yachiwiri ndi nyimbo zimene masambawo anakonzera amalonda. Meta, mwini wa Facebook ndi Instagram, ali ndi `Sound Collection`. TikTok ili ndi `Commercial Music Library`. YouTube ili ndi `Audio Library` m'kati mwa `YouTube Studio`. Simulipira kalikonse, ndipo kanema wanu sazimitsidwa mawu pa tsamba limene mwatengapo nyimboyo. Malire ake ndi aakulu ndithu, ndipo mayi wathu wa ku Mchesi awagunda msanga. Nyimbo ya mu `Sound Collection` inaloledwa pa masamba a Meta, ya mu `Commercial Music Library` inaloledwa pa TikTok. Akakonza kanema pa TikTok n'kumutsitsa kuti akamuikenso pa Facebook, watuluka m'malire a chilolezo chija ngakhale kuti sanabe kalikonse. Kuti ayende bwino ayenera kusunga kanema wopanda nyimbo m'foni, kenako n'kumuveka nyimbo payokha pa tsamba lililonse. Vuto lina ndi la khutu: zambiri mwa nyimbozi sizimveka zakwathu, ndipo diresi la chitenje likuyenda pa kayimbidwe kachilendo limataya kukoma kwina.

Njira yachitatu ndi kulipira mwezi ndi mwezi ku makampani ogulitsa zilolezo za nyimbo, monga Epidemic Sound ndi Artlist. Apa mumapeza nyimbo zambiri zojambulidwa bwino, ndipo mbali zonse ziwiri za umwini zimakhala zitakonzedwa kale. Zofunika kuyang'ana ndi ziwiri. Choyamba, mapulani otsika mtengo kawirikawiri amakhala a munthu wopanga makanema a pa tsamba lake, ndipo safika pa zotsatsa zolipira, choncho amene akufuna kudina `Boost post`, batani lolipirira kuti kanema afike kwa anthu ambiri, awerenge kaye ngati pulani yake ikulola. Chachiwiri, chilolezo chimateteza makanema amene mwatulutsa pamene mukulipira. Mukasiya kulipira, simungatenge nyimbo imene munatsitsa kale n'kuiika pa kanema watsopano. Kwa munthu amene ali ku Joni kapena ku Mangalande ndipo amatulutsa makanema sabata iliyonse, njirayi ndi yanzeru. Kwa telala wa ku Mchesi amene amatulutsa kanema wamkulu kanayi pa chaka, kulipira madola mwezi uliwonse ndi khadi la banki, m'nthawi imene ndalama zakunja zimavuta kupeza, n'kudzisenzetsa katundu wosayenera.

Njira yachinayi ndi nyimbo zaulere za Creative Commons, zomwe ndi zilolezo zimene mwini amapereka yekha kwa aliyense, ndi za masamba monga Pixabay. Apa pamafunika kuwerenga zilembo zimene zili pambali pa nyimbo. `CC0` ndiye kuti mwini wake wasiya zonse. `CC BY` ndiye kuti gwiritsani ntchito ngakhale pa malonda, bola mutchule mwini, dzina la nyimbo, kumene mwaitenga ndi mtundu wa chilolezo. Mukaona `NC` musakhudze, chifukwa zilembozo zikuletsa malonda. `ND` ndi msampha umene ambiri sadziwa: imaletsa kusintha ntchito ya mwini, ndipo zilolezo za Creative Commons zimanena poyera kuti kulumikiza nyimbo ndi kanema n'kusintha. Choncho nyimbo ya `CC BY-ND` siyenera kulowa pa kanema wanu ngakhale musanadulepo sekondi imodzi. `SA` nayo imafuna kuti kanema wanuyo mumutulutse pa chilolezo chomwecho, kutanthauza kuti wina akhoza kumutenga n'kumugwiritsa ntchito. Pa Pixabay, nyimbo zina zinalembetsedwa mu `Content ID`, makina a YouTube ozindikira nyimbo, motero kanema wanu akhoza kulandira chidandaulo ngakhale muli ndi chilolezo; ndiye potsitsa nyimbo, tsitsaninso kalata ya chilolezo imene amapereka, muisunge.

Njira yachisanu ndi kupita kwa woyimba wakwathu n'kupempha nyimbo yake. Ine njirayi ndimaikonda, chifukwa ndalama imatsala m'manja mwa anthu amene akuvutikira luso lawo konkuno, ndipo oyimba ambiri ongoyamba kumene amakondwa nyimbo yawo ikamveka. Koma “palibe vuto, ikani” wa pa foni sakwanira. Woyimbayo mwina si mwini wa zonse. Mufunseni kuti anapeka ndani, anajambula ndani, ndipo biti inachokera kuti. Funso la biti ndi lofunika kwambiri: nyimbo zina zimayimbidwa pa biti yotsitsidwa pa YouTube yolembedwa kuti `free for non-profit`, ndipo woyimba wotere alibe mphamvu yokupatsani chimene iye mwini sanapatsidwe. Mufunsenso ngati nyimboyo inatumizidwa ku masamba omvererapo kudzera ku makampani monga DistroKid kapena TuneCore. Ngati inalembetsedwa kuti makina aziizindikira, kanema wanu adzagwidwa ngakhale woyimbayo anavomera ndi mtima wonse, chifukwa makina sadziwa zimene munakambirana. Iye ndi amene ayenera kuchotsa chidandaulocho kapena kupempha kuti tsamba lanu lisamagwidwe.

Pano ndi poyenera kutchula COSOMA, chifukwa anthu amasokoneza. Chiphaso chimene malo ogona alendo, mabala kapena mashopu amalipira n'choti aziyimba nyimbo pamalo pawo anthu akumva. Kulumikiza nyimbo ndi dzina la bizinesi yanu m'kanema wotsatsa ndi ntchito ina, yofuna chilolezo chakechake kwa eni nyimbo. Chimodzimodzi ndi ziphaso za ZAMCOPS ku Zambia, ZIMURA ku Zimbabwe, SAMRO ku South Africa kapena PRS ku Britain. Komabe ofesi ya COSOMA ndi poyambira pabwino mukafuna kudziwa amene analembetsa nyimbo inayake.

Njira yachisanu ndi chimodzi ndi kulipira pulodyusa kuti akupangireni kanyimbo kanukanu. Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndingalangize mayi wa ku Mchesi, pakuti amalipira kamodzi, kanyimboko kamayenda pa tsamba lililonse ngakhale pa wailesi, ndipo pakapita miyezi makasitomala amayamba kukazindikira asanaone dzina. Koma musadalire kulipira pakokha kuti kukupatseni umwini. Pamafunika pepala losainidwa ndi onse awiri, ndipo siliyenera kukhala lalitali. Likhoza kunena motere: “Ine wakutiwakuti ndapanga kanyimbo ka masekondi 30, ndi kena kachidule ka masekondi 15, ka shopu yakutiyakuti. Biti, mawu ndi kayimbidwe ndi zanga, sindinatengemo gawo la nyimbo ya munthu wina. Ndalandira ndalama zakutizakuti ndipo ndapereka umwini wonse kwa mwini shopu. Sindidzagulitsa biti imeneyi kwa wina, ndiponso sindidzailembetsa mu `Content ID`.” Ngati pali mtsikana amene wayimbamo kapena kulankhulamo, nayenso asaine. Ngati pulodyusa sakufuna kutaya umwini wonse, zimenezo n'zomveka ndipo mtengo uyenera kutsika. Ndiye lembani masamba amene mwaloledwa, ngati zotsatsa zolipira zikuloledwa, ndi nthawi yake, tinene miyezi 12.

Ena amati, nanga nyimbo zakale ndi zamakolo? M'Malawi, Zambia ndi South Africa umwini wa wopeka umatha pakapita zaka 50 iye atamwalira, pamene ku Britain ndi zaka 70. Nyimbo yakale ya m'buku la kutchalitchi ikhoza kukhala kuti umwini wake unatha, koma kwaya imene yaijambula chaka chatha ili ndi umwini pa chojambulidwa chake, ndipo amene anaikonzanso mwatsopano ali ndi gawo lake. Nyimbo zamakolo, monga za chimtali kapena manganje, nazonso si zongotola. Lamulo la Malawi limaika umwini wa luso lamakolo m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu onse, ndipo kuligwiritsa ntchito pofuna phindu, kunja kwa mwambo wake, kumafuna chilolezo. Funsani ku COSOMA musanajambule.

Palinso njira yosalira ndalama ngakhale pang'ono, yomwe ndi kusaika nyimbo. Phokoso la makina osokera, lumo likudula nsalu, ndi mawu a mwini shopu akufotokoza mtengo ndi tsiku lotenga diresi, n'zokwanira kukopa wogula. Chenjezo lake ndi limodzi: zimitsani wailesi pojambula. Makina ozindikira nyimbo amagwira ngakhale nyimbo yomveka chapatali kuchokera ku shopu yoyandikana nayo.

Zithunzi: mwini chithunzi ndi mwini nkhope

Pa chithunzi palinso zilolezo ziwiri, koma za mtundu wina. Pali cha amene anajambula, ndi cha munthu amene akuoneka.

Atelala ambiri ali ndi chizolowezi chotenga zithunzi pa Pinterest kapena pa Google n'kuziika pa tsamba lawo kuti makasitomala asankhe sitayilo. Kuonetsa kasitomala chithunzi m'foni muli m'shopu kuti mumvane za kolala ndi manja, palibe amene mwamulanda kanthu. Kuchiika pa tsamba la bizinesi, dzina lanu ndi nambala yanu zili pamwamba, n'kukopera ntchito ya wojambula wina. Kuwonjezera apo, mukuuza anthu kuti diresi la telala wa ku Lagos mwasoka ndinu, ndipo kumeneko n'kutsatsa monyenga, nkhani imene CFTC, bungwe loona za chilungamo pa malonda, limalandirapo madandaulo. Kudula dzina la wojambula pakona ya chithunzi kumangoonjezera mlandu. Masiku ano eni zithunzi savutika kuzipeza, pakuti Google Lens ndi TinEye zimaonetsa masamba amene chithunzi chafika. Amene muli ndi mabizinesi ku South Africa ndi ku Britain mudziwe kuti kumeneko si zachilendo kulandira kalata yofuna ndalama chifukwa cha chithunzi chimodzi chimene chinaikidwa pa webusaiti zaka zapitazo.

Masamba a zithunzi zaulere, monga Unsplash, Pexels ndi Pixabay, amalola kugwiritsa ntchito zithunzi zawo pa malonda popanda kulipira. Ndi abwino mukafuna chithunzi cha maluwa, cha ulusi kapena cha nsalu yoyera yoika kumbuyo kwa mawu. Pa nkhope za anthu samalani, chifukwa chilolezo chawo ndi cha wojambula. Sichikutsimikizirani kuti munthu wa pachithunziyo anavomera kuoneka pa malonda anu, ndipo chimaletsa kumuonetsa ngati akuchitira umboni katundu wanu. Masamba olipira monga Shutterstock ndi Adobe Stock amakhala ndi zikalata zosainidwa ndi anthu a pazithunzi zogulitsira malonda, ndipo kumeneko n'kumene ndalama yanu imapita. Koma chithunzi cholembedwa kuti `Editorial use only` n'cha nkhani za m'nyuzi basi. Ngakhale mutachilipira, sichiloledwa pa malonda.

Kwa telala, zithunzi zonsezi n'zosathandiza kwenikweni, chifukwa chimene akugulitsa ndi manja ake. Njira yomuyenera ndi kujambula yekha ndi foni, pafupi ndi zenera, m'mawa dzuwa lisanawawe. Chithunzicho ndi chake, chatsala ndi chilolezo cha wovala. Lamulo loteteza zachinsinsi za anthu la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, limaona chithunzi chozindikiritsa munthu ngati zina mwa zachinsinsi zake. Ku South Africa kuli lamulo la POPIA lochita zofanana. Ngakhale pakanapanda lamulo, mayi amene anabwera kudzayesa diresi sanabwere kudzakhala chikwangwani. Uthenga wachidule wa pa WhatsApp ukukwanira ngati umboni: “Amayi, ndikupempha kuika chithunzi chanu chija pa Facebook ndi pa TikTok ya shopu, mpaka kutha kwa chaka chino. Mukadzafuna kuti ndichichotse mudzandiuze, ndidzachotsa tsiku lomwelo. Mukuvomera?” Akayankha kuti eya, jambulani yankholo musunge. Akakayika, jambulani diresi kuyambira m'khosi kupita pansi, kapena liikeni pa chidole. Ngati ndi mwana, avomere ndi kholo, ndipo musatchule sukulu yake kapena dera limene amakhala.

Povuta kwambiri ndi zithunzi za ukwati ndi chinkhoswe, zomwenso n'zimene atelala amazisirira chifukwa diresi limaoneka bwino. Tiyerekeze mayi wathu uja anasoka zovala za akwati ndi aperekezi, ndipo mkwatibwi wamutumizira zithunzi zokongola zojambulidwa ndi katswiri. Pa chithunzi chimodzicho pali anthu atatu okhudzidwa. Telala anasoka diresi, koma zimenezo sizimupatsa umwini wa chithunzi. Mkwatibwi ndi mwini nkhope, ndipo ndi amene analipira wojambula. Wojambula ndi amene anadina kamera. Kuti umwini uli kwa wolipira kapena kwa wojambula, mayiko amasiyana: ku Britain umatsala kwa wojambula pokhapokha atagwirizana zina, pamene lamulo la South Africa la 1978 limaupereka kwa amene anaitanitsa chithunzi n'kulipira. Pamwamba pa zonsezo pamakhala pangano limene awiriwo anasainirana, lomwe telala sanalione. Njira yachidule ndi kupempha onse awiri, mkwatibwi ndi wojambula. Ojambula ambiri amavomera mukalonjeza kusiya dzina lawo pa chithunzi n'kuwatchula, poti nawonso apezerapo makasitomala. Aperekezi amene nkhope zawo zikuoneka bwino afunsidwenso, kapena sankhani chithunzi cha mkwatibwi yekha.

Mukalemba ntchito wojambula kuti ajambule katundu wanu, chitani monga tachitira ndi pulodyusa uja. Lembani kuti zithunzi zingati, mukaziika pati, ngati mungazidule kapena kulembapo mawu, ndi ngati iye angazigwiritse ntchito potsatsa luso lake.

Posita, zilembo ndi logo

Apa njira ndi zitatu: kupanga nokha pa Canva, kulipira wopanga maposita, kapena kutenga posita ya wina n'kusintha dzina. Yachitatuyi tisataye nayo nthawi, ndi kukopera basi, ndipo m'tauni yaing'ono mwini wake amaiona sabata isanathe.

Canva imalola kugwiritsa ntchito matempuleti ndi zithunzi zake pa malonda. Zinthu zokhala ndi kachisoti kachifumu ndi za olipira, ndipo kuzijambula pa sikirini kuti muthawe kulipira kumakusiyani opanda chilolezo. Malire amene ambiri amawadziwa mochedwa ndi a logo. Canva silola kuti zithunzi ndi zojambula za m'nkhokwe yake zilembetsedwe ngati chizindikiro cha malonda cha munthu mmodzi, popeza aliyense akhoza kutenga zomwezo. Telala amene wapanga logo ndi kasingano ka pa Canva akhoza kupeza mnzake wa ku Kawale ali ndi kasingano komweko, ndipo sangamuletse. Posita ya sabata ino pangani pa Canva, koma logo, yomwe mudzaisindikize pa chikwangwani ndi pa timalebulo ta m'khosi mwa zovala, ndi bwino ijambulidwe mwatsopano ndi munthu amene musainirane naye.

Wopanga maposita mumufunse mafunso awiri: zithunzi wazitenga kuti, ndipo zilembo wagwiritsa ntchito ziti. Akatenga chithunzi cha munthu wotchuka pa Google n'kuchiika pa posita yanu, amene adzafunsidwe ndi inu, chifukwa posita ili pa tsamba lanu. Zilembo nazo zili ndi eni ake. Zambiri za pa DaFont zimalembedwa kuti `Free for personal use`, ndipo sizilola malonda, pamene za pa Google Fonts zimaloledwa pa malonda popanda kulipira. Pomaliza ntchito, pemphani fayilo yoti n'kusintha, osati chithunzi chomalizidwa chokha, kuti chaka chamawa musadzayambirenso pachiyambi.

Nsalu ya chitenje nayo ili ndi amene anajambula maluwa ake. Kujambula diresi limene mwasoka ndi nsalu yogula kuti mulitsatse ndi malonda a tsiku ndi tsiku. Kutenga maluwa a nsaluyo n'kuwasandutsa logo yanu, kapena kukawadindanso pa matisheti, n'kukopera. Chimodzimodzi ndi zizindikiro za matimu a mpira ndi zidole za m'makatuni zimene anthu amakonda kuika pa maposita a zovala za ana: zimenezo zimatetezedwa ngati zojambula komanso ngati zizindikiro za malonda.

Chidandaulo chikabwera

Zimathandiza kudziwa kusiyanitsa chidandaulo cha makina ndi cha munthu. Pa YouTube, `Content ID claim` ndi ya makina: kanema akhoza kutsekedwa m'mayiko ena, kapena ndalama za zotsatsa kupita kwa mwini nyimbo, koma tchanelo sichilangidwa. `Copyright strike` imabwera mwini wake akapempha mwalamulo kuti kanema achotsedwe. Ikhoza kutha pakapita masiku 90, koma zikakwana zitatu tchanelo chikhoza kutsekedwa ndi makanema ake onse. Pa Facebook ndi Instagram chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi uthenga woti mawu azimitsidwa kapena kanema watsekedwa, ndipo tsamba lobwerezabwereza kulakwa limachotsedwa. Kwa telala amene wasonkhanitsa makasitomala pa tsamba limodzi kwa zaka zambiri, kutaya tsambalo n'kowawa kuposa mtengo wa kanyimbo kalikonse. Pa WhatsApp anthu sagwidwa kawirikawiri, koma lamulo ndi lomwelo, ndipo kanema wa pa WhatsApp amatumizidwa kwa ena mpaka kufika kwa mwini nyimbo.

Ngati muli ndi chilolezo, tsutsani chidandaulocho pa batani limene laperekedwa, n'kufotokoza chilolezo chimene muli nacho: pepala la pulodyusa, kalata ya Pixabay, kapena risiti. Ndiye chifukwa chake kanema aliyense ayenera kukhala ndi foda yake, momwe muli zikalatazo pamodzi ndi chithunzi cha tsamba limene munatengapo nyimbo, choonetsa chilolezo ndi tsiku, poti masamba amasintha malamulo ndipo nyimbo zina zimachotsedwa. Ngati mulibe chilolezo, musatsutse, chifukwa kutsutsa monama kungachititse mwini wake kupempha kuti kanema achotsedwe mwalamulo, ndiye chilango chimakula. Sinthani nyimboyo kapena chotsani kanemayo, ndipo mwini wake akakulemberani yekha, muyankheni mwaulemu n'kukambirana za malipiro. Pa zinthu za Creative Commons za mtundu wa 4.0 pali mpata wapadera: mukaiwala kutchula mwini, muli ndi masiku 30 kuchokera pamene mwadziwa kuti mukonze, ndipo mukakonza m'masiku amenewo chilolezo chanu chimabwerera chokha.